Ngongole ya nyumba ya zaka 20: werengerani ndalama zonse zimene mudzabweze musanasaine

Mlamu wanga anabwera kunyumba Loweruka lina madzulo atanyamula envelopu ya kubanki. Anali atapeza kanyumba ka K37.5 miliyoni, iye n'kusonkhanitsa K7.5 miliyoni ya dipoziti, ndipo banki inavomera kumubwereketsa K30 miliyoni yotsalayo pa chiwongola dzanja cha 24 peresenti pa chaka, kubweza kwa zaka 20.

"Alamu, zatheka," anatero akuyala mapepala patebulo. "Ndawerengera kale. 24 peresenti ya 30 miliyoni ndi 7.2 miliyoni. Ndiye kuti ndidzabweza 37.2 miliyoni basi."

Ndinamupempha kuti awerenge mokweza ndalama ya pamwezi imene inalembedwa m'kalatamo. Inali K605,222. Kenako ndinamuuza kuti aichulukitse ndi miyezi 240. Anabwereza katatu pafoni pake, akuganiza kuti wadina ziro wowonjezera. Yankho silinasinthe: K145 miliyoni ndi kakumwamba.

Ambiri timalakwitsa pomwepa. Timayang'ana ngati ndalama ya pamwezi ikukwanira pa malipiro, tikaona kuti ikukwanira timasaina. Masitepe ali m'munsiwa akuthandizani kupeza nokha ndalama yonse imene idzatuluke m'thumba mwanu, ndi kuona kuti ikuposa kangati imene mwabwereka. Ndigwiritsa ntchito ngongole ya mlamu wangayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Inu muziika manambala anu m'malo mwake.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

- Kalata imene banki yakulemberani yovomera ngongole. Ngati simunafike poilandira, pemphani kuti akulembereni manambala papepala, osangokuuzani pakamwa.
- Mndandanda wa kabwezedwe ka mwezi ndi mwezi, umene kubanki amautcha shedulo. Sikuti nthawi zonse amaupereka okha, muziupempha.
- Foni yokhala ndi kakyuleta. Mafoni ambiri mukawatembenuza chopingasa amaonetsa mabatani ena, kuphatikizapo la `xʸ`, limene tiligwiritse ntchito.
- Kope ndi cholembera. Manambala ake ndi aatali, pamtima amasokonekera.
- Ngati muli ndi kompyuta, Excel kapena Google Sheets imafupikitsa ntchito, koma si yokakamiza.

## Sitepe 1: Tolani manambala atatu m'kalata ya banki

Lembani pamwamba pa tsamba ndalama imene mwabwereka, chiwongola dzanja cha pachaka, ndi zaka zobwezera. Kwa mlamu wanga zinali K30,000,000, 24 peresenti ndi zaka 20.

Chenjezo: ndalama yobwereka si mtengo wa nyumba. Nyumba inali ya K37.5 miliyoni koma ngongole ndi K30 miliyoni, chifukwa dipoziti ilibe chiwongola dzanja. Komanso yang'anitsitsani ngati banki yaphatikiza ndalama zoyendetsera ngongole pa ngongole yeniyeniyo. Kalata ikati ngongole ndi K31.5 miliyoni pamene wogulitsa nyumba alandira K30 miliyoni, nambala yowerengera ndi 31.5.

Pomwepo funsaninso funso limodzi: chiwongola dzanjachi n'chokhazikika kapena chimasintha? Kuno kwathu ngongole zambiri za kubanki zimayenda ndi mulingo umene mabanki amalengeza mwezi uliwonse, refarensi reti, ndipo banki imaikapo kake pamwamba. Yankho lake lisungeni, tilifuna pa sitepe 6.

## Sitepe 2: Sandutsani zaka kukhala miyezi

Banki imadula ndalama mwezi uliwonse, choncho masamu onse ayenera kuyenda m'miyezi.

Zaka 20 kuchulukitsa ndi 12 ndi miyezi 240. Chiwongola dzanja cha 24 peresenti pa chaka kuchigawa ndi 12 ndi 2 peresenti pa mwezi, imene pa kakyuleta mulembe 0.02.

Chenjezo: osalemba 2, osalembanso 0.24. Ngati chiwongola dzanja chanu sichigawika bwino, mwachitsanzo 26 peresenti, musachidule msanga. Lembani 0.0216667, osati 0.02 kapena 0.022. Pa miyezi 240 kadontho kakang'ono kameneko kamasuntha yankho ndi mamiliyoni.

## Sitepe 3: Pezani ndalama ya pamwezi

Ngati banki yalemba kale ndalama ya pamwezi, mungathe kudumpha sitepe iyi. Ine ndimati muichitebe, chifukwa ndi njira yokhayo yodziwira ngati nambala ya banki ikugwirizana ndi chiwongola dzanja chimene akuuzani, ndipo ikakulowani mungayese nayo zaka zina ndi maperesenti ena osapitanso kukaima pamzere.

Choyamba pezani nambala imene tiitche A. Phatikizani 1 ndi chiwongola dzanja cha pamwezi, mupeza 1.02. Dinani 1.02, kenako `xʸ`, kenako 240. Yankho ndi 115.8887.

Ngati kakyuleta yanu ilibe batani limenelo, pali njira yachidule. Chulukitsani 1.02 ndi 1.02 mpaka ma 1.02 akwane 15, mupeza 1.345868. Yankholo lichulukitseni ndi lokha, mupeza 1.811362. Bwerezani, mupeza 3.281031. Bwerezaninso, 10.76516. Kachinayi mupeza 115.8887. Zikutheka chifukwa 15 ukamuwirikiza kanayi amafika 30, 60, 120 kenako 240.

Tsopano ikani manambala motere, pamene i akuimira chiwongola dzanja cha pamwezi chija, 0.02:

```
pamwezi = ngongole × i × A ÷ (A − 1)
        = 30,000,000 × 0.02 × 115.8887 ÷ 114.8887
        = 605,222
```

Pa Excel kapena Google Sheets ndi mzere umodzi:

```
=PMT(0.24/12, 240, -30000000)
```

Chenjezo: yankho lanu likasiyana ndi la banki ndi makwacha ochepa, musadandaule. Mabanki amawerengera chiwongola dzanja potsata masiku, ndipo miyezi siilingana kutalika. Koma likasiyana ndi masauzande makumi angapo, pali chinachake chimene chabisala m'kati: mwina inshulansi yaphatikizidwa pa ndalama ya pamwezi, mwina ngongole yakula ndi zolipira zina, mwinanso peresenti imene munamva si imene yalembedwa. Bwererani mukafunse kuti ndalama ya pamweziyo yapangidwa ndi zinthu ziti.

## Sitepe 4: Chulukitsani, chotserani, gawani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo masamu ake ndi a ku pulayimale.

Ndalama ya pamwezi kuchulukitsa ndi miyezi yonse: K605,222 × 240 = K145,253,280. Iyi ndi ndalama imene banki idzalandire pa zaka 20.

Chotsanipo imene munabwereka: K145,253,280 − K30,000,000 = K115,253,280. Ichi ndi chiwongola dzanja chokhachokha.

Gawani ndalama yonse ndi imene munabwereka: 145,253,280 ÷ 30,000,000 = 4.84. Ndiye kuti pa K1 iliyonse imene mwatenga mudzabweza K4.84.

Nambala yomalizayi ndi yofunika kuisunga pamtima, chifukwa siidalira kukula kwa ngongole. Kaya mwabwereka K10 miliyoni kaya K100 miliyoni, ngati ndi 24 peresenti kwa zaka 20, mudzabweza kuwirikiza ka 4.84, ndipo miliyoni iliyonse idzakudyerani K20,174 pa mwezi. Chimene chimaisintha ndi peresenti ndi zaka basi. Onani mmene K30 miliyoni yomweyo imakhalira pa zaka 20 peresenti ikamasintha:

| Chiwongola dzanja pa chaka | Pamwezi | Zonse pa zaka 20 | Kuwirikiza |
|---|---|---|---|
| 6 peresenti | K214,929 | K51.6 miliyoni | 1.72 |
| 12 peresenti | K330,326 | K79.3 miliyoni | 2.64 |
| 18 peresenti | K462,993 | K111.1 miliyoni | 3.70 |
| 24 peresenti | K605,222 | K145.3 miliyoni | 4.84 |
| 30 peresenti | K752,007 | K180.5 miliyoni | 6.02 |

Ndaikamo mizere iwiri yoyambayo dala. Abale athu a ku Joni kapena ku Mangalande akamatiuza kuti zaka 20 kapena 25 ndi zabwinobwino pogula nyumba, sakunama, koma akulankhula za kumene chiwongola dzanja chili pafupi ndi mizere ya pamwambayo. Malangizo awo sangakwanire munthu amene ali pa mzere wachinayi.

## Sitepe 5: Onjezerani zimene sizili pa ndalama ya pamwezi

K145 miliyoni ija ndi ya ngongole ndi chiwongola dzanja chake. Koma banki isanatulutse ndalama pamakhala zolipira zina: ya banki yokonzera ngongole, ya katswiri woyeza mtengo wa nyumba, ya loya, ndi ya boma polembetsa kuti chikalata cha umwini wa malo chili pa chikole. Kenako pali inshulansi ziwiri zimene kawirikawiri mabanki amafuna pa nthawi yonse ya ngongole: ya nyumbayo ikapsa kapena kuwonongeka, ndi ya moyo wanu kuti mukamwalira ngongole isagwere ana.

Ndalama zimenezi zimasiyana banki ndi banki, choncho pemphani kuti akulembereni chilichonse pachokha. Pofuna kuonetsa kawerengedwe, tingoyerekeza kuti zolipira za poyamba zonse zakwana K1.5 miliyoni ndipo inshulansi ziwirizo ndi K40,000 pa mwezi. Inshulansi pa miyezi 240 ndi K9.6 miliyoni. Kuphatikiza zonse: 145.25 + 1.5 + 9.6 = K156.35 miliyoni. Kuwirikiza kuja kwachoka pa 4.84 kufika pa 5.21. Mukaikapo dipoziti ya K7.5 miliyoni, nyumba ya K37.5 miliyoni yatuluka pa K163.85 miliyoni.

Chenjezo: akakufunsani kuti "tingoziika pa ngongole kuti musavutike kusaka ndalama pano?", kumbukirani 4.84 ija. K1.5 miliyoni yoikidwa pa ngongole ya zaka 20 imasanduka K7.26 miliyoni. Ngati pali pena pamene mungaipeze, ngakhale pogulitsa matumba a chimanga kapena kudikira mwezi wanu wa chipereganyu, ilipireni pamanja.

## Sitepe 6: Yesani chiwongola dzanja chikakwera

Ngati yankho la pa sitepe 1 linali lakuti chimasintha, ndiye kuti K145 miliyoni si lonjezo. Ndi chithunzi cha mmene zingakhalire zinthu zitaima malo amodzi kwa zaka 20, zimene kuno sizichitika. Mulingo wa chiwongola dzanja wa Reserve Bank of Malawi unali 12 peresenti mu 2021, koma pofika Febuluwale 2024 unali pa 26 peresenti. Amene anatenga ngongole zosintha pa nthawi imeneyo anaona ndalama ya pamwezi ikukwera asanasaine pepala lina lililonse.

Bwerezani sitepe 2 mpaka 4 mutawonjezera 2 peresenti, kenako bwerezaninso mutawonjezera 6. Pa 26 peresenti, K30 miliyoni imafuna K653,813 pa mwezi ndipo zonse zimakwana K156.9 miliyoni. Pa 30 peresenti mwaona kale m'tebulo muja. Funso loti mudzifunse ndi lakuti, kodi malipiro anga angapirire K752,007 pa mwezi ana akudya ndi kupita kusukulu? Ngati yankho ndi ayi, chepetsani ndalama yobwereka.

Pali chinthu china chobisika apa. Pa 26 peresenti, chiwongola dzanja cha mwezi umodzi pa K30 miliyoni ndi K650,000. Munthu amene akupitiriza kulipira K605,222 yakale sakukwanitsa ngakhale chiwongola dzanja chokha, ndiye kuti ngongole yake ikukula mwezi uliwonse ngakhale sanaphonyepo. Izi zimagwera makamaka amene anakonza kuti ndalama yofanana izichoka yokha ku akaunti ina mwezi ndi mwezi, n'kusiya kuwerenga mauthenga a banki. Chizindikiro chake n'chosavuta: pa sitetimenti, ngongole yotsala ya mwezi uno ikuposa ya mwezi watha.

Peresenti ikasintha muli kale m'kati, musawerengere kuyambira poyamba. Tengani ngongole yotsala pa sitetimenti ndi miyezi yotsala, muziike mu sitepe 3 ngati ngongole yatsopano, kenako phatikizani ndi zimene mwalipira kale.

## Sitepe 7: Onani kumene ndalama yanu ikupita mwezi uliwonse

Sitepe iyi ndi imene imayankha funso limene anthu amafunsa atakwiya: ndalipira zaka zonsezi, bwanji ngongole sikutsika?

Mwezi uliwonse banki imayamba yatenga chiwongola dzanja pa ngongole yotsala, ndipo chotsala pa ndalama mwaperekayo ndi chimene chimadula ngongole yeniyeni. Mwezi woyamba, 2 peresenti ya K30,000,000 ndi K600,000. Mwapereka K605,222. Ndiye kuti ngongole yatsika ndi K5,222 yokha, ndalama yosakwana n'komwe thumba la simenti. Mwezi wachiwiri ngongole ndi K29,994,778, chiwongola dzanja chake K599,896, ndipo yodula ngongole ndi K5,326. Imakwera ndithu, koma pang'onopang'ono ngati kamba.

Lembani miyezi itatu yoyamba pamanja kuti muone mmene zikuyendera, kenako yerekezani ndi shedulo ya banki. Za zaka za kutsogolo zili motere:

| Zaka zimene zapita | Mwalipira | Ngongole yotsala |
|---|---|---|
| 5 | K36.3 miliyoni | K29.4 miliyoni |
| 10 | K72.6 miliyoni | K27.5 miliyoni |
| 15 | K108.9 miliyoni | K21.0 miliyoni |
| 20 | K145.3 miliyoni | 0 |

Taonani mzere woyamba. Patatha zaka zisanu mwapereka ndalama yoposa imene munabwereka, koma ngongole yatsika ndi ndalama yosakwana K600,000. Theka la ngongole limatha mutadutsa chaka cha 17. Palibe amene wakuberani, ndi mmene masamu ake amayendera, koma munthu ayenera kulowa akudziwa. Zimakhudza kwambiri amene akuganiza kuti adzagulitsa nyumbayo pakapita zaka zingapo, kapena kuti adzatseka ngongole ndi ndalama ya penshoni. Akadzapita kukafunsa yotsala adzapeza pafupifupi yonse ili chiimire.

Pa kompyuta, yotsala pakatha miyezi 120 mungaipeze motere, ndipo musinthe 120 kukhala mwezi uliwonse umene mukufuna:

```
=FV(0.02, 120, 605222, -30000000)
```

## Sitepe 8: Yerekezani zaka 20 ndi 15 ndi 10

Mukafunsa kubanki kuti bwanji osafupikitsa zaka, yankho lake limakhala lakuti zaka zambiri zimachepetsa ndalama ya pamwezi. N'zoona. Funso ndi lakuti zimachepetsa ndi zingati.

Bwerezani sitepe 3 ndi miyezi 180. A amakhala 35.3208, ndalama ya pamwezi K617,482, zonse K111.1 miliyoni. Bwerezaninso ndi miyezi 120. A amakhala 10.76516, pamwezi K661,443, zonse K79.4 miliyoni.

Ikani manambalawa pafupi ndi a zaka 20. Kuchoka pa zaka 20 kupita pa 15 mukuwonjezera K12,260 pa mwezi, ndipo mukupulumutsa K34.1 miliyoni. Kupita pa zaka 10 mukuwonjezera K56,221 pa mwezi, ndipo mukupulumutsa K65.9 miliyoni, ndalama yogulira nyumba ina ngati yomweyo n'kutsala chenji chambiri.

Chifukwa chake n'chimene taona pa sitepe 7. Pa 24 peresenti, K600,000 ya mwezi woyamba ndi ya chiwongola dzanja, kaya mwasankha zaka 10, 20 kapena 40. Zaka zimangosintha kagawo kapamwamba kodulira ngongole, ndipo pa zaka 20 kagawoko katsala kale K5,222. Palibenso chochepetsa. Kumene chiwongola dzanja n'chotsika, kutalikitsa zaka kumapeputsadi katundu. Pa maperesenti a kwathu kuno, zaka khumi zowonjezerazo mukuzigula modula kwambiri pofuna mpumulo wochepa.

Maganizo anga ndi awa: munthu amene angakwanitse K605,222 koma sangakwanitse K617,482 ali kale pamphepete, ndipo peresenti ikangokwera pang'ono agwa. Ameneyo vuto lake si zaka, ndi kukula kwa ngongole.

Nanga ngati mwasaina kale zaka 20? Njira ilipo, ndiyo kulipira mopitirira. Mukamapereka K650,000 m'malo mwa K605,222, kuwonjezera K44,778 pa mwezi, ngongole imatha pa miyezi 130, zimene ndi zaka 10 ndi miyezi 10, ndipo zonse zimakwana pafupifupi K84.2 miliyoni. Yesani ndi ndalama imene inuyo mungakwanitse:

```
=NPER(0.02, -650000, 30000000)
```

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mwezi wa fizi kapena wa maliro mungabwerere pa K605,222 osakhala pa mlandu ndi banki.

Chenjezo: musanayambe, werengani ngati m'pangano muli chilango cha kubweza msanga, ndipo lemberani banki kalata kuti ndalama yowonjezerayo izidula ngongole yeniyeni. Ikangokhala mu akaunti kudikira tsiku lodula la mwezi wamawa, palibe chimene yapulumutsa. Mwezi wotsatira tsimikizani pa sitetimenti kuti yotsala yatsika ndi ndalama yonse munawonjezerayo.

## Nanga kugwa kwa kwacha?

Mlamu wanga atamva zonsezi anafunsa funso labwino. "Koma alamu, K605,000 ya zaka 20 zikubwerazo idzakhala ndalama? Si idzangokhala ya ndiwo?"

Ali ndi mfundo, ndipo si bwino kuibisa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti mitengo ya zinthu ikukwera ndi 20 peresenti chaka chilichonse kwa zaka 20: ndiye kuti idzawirikiza ka 38, ndipo K605,222 ya mwezi womaliza idzagula zimene lero zikugulidwa ndi K15,800. Choncho K145 miliyoni siidzapweteka ngati K145 miliyoni ya lero, ndipo nyumbayo nayonso mtengo wake m'makwacha udzakhala utakwera, pamene wokhala pa lendi adzakhala akukwezeredwa chaka ndi chaka.

Koma mfundoyi imagwira ntchito pokhapokha malipiro anu akukwera limodzi ndi mitengo, ndipo ambiri tikudziwa mmene amatsalira m'mbuyo. Chachiwiri, mitengo ikathamanga chiwongola dzanja chosintha chimathamanga nayo. Chachitatu, zaka zowawa ndi zoyambazo, pamene kwacha mukulipira ndi ya lero lomwe. Kugwa kwa kwacha kungakhale chifukwa chogulira nyumba pa ngongole m'malo modikira, koma sikufafaniza kusiyana kwa K79 miliyoni ndi K145 miliyoni pa K56,221 ya pamwezi.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuwerengera peresenti kamodzi kokha. Uku ndi kulakwitsa kwa mlamu wanga kuja, K30 miliyoni kuikapo 24 peresenti n'kupeza K37.2 miliyoni. Peresentiyo ndi ya chaka chilichonse pa ngongole yotsala. Mungadzigwire nokha msanga: K37.2 miliyoni kuigawa ndi 240 ndi K155,000 pa mwezi, imene ili kutali ndi ya m'kalata.

Kuchulukitsa peresenti ndi zaka pa ngongole yonse. Ena amati K7.2 miliyoni pa chaka kwa zaka 20 ndi K144 miliyoni, kuphatikiza K30 miliyoni, zonse K174 miliyoni. Apa apitirira, chifukwa aiwala kuti ngongole imatsika. Komabe dziwani kuti alipo obwereketsa ena, makamaka a ngongole zing'onozing'ono, amene amawerengeradi chonchi, pa ndalama yonse ya poyamba mpaka kumapeto. Peresenti yawo ingaoneke yotsika koma siyerekezeka ndi ya banki. Funsani kuti chiwongola dzanja chikuwerengedwa pa yotsala kapena pa yonse, kenako yerekezani ndalama yonse yobweza, osati maperesenti.

Kuyerekeza mabanki ndi ndalama ya pamwezi yokha. Banki ina ikati K605,222 ina n'kuti K617,482, yoyambayo imaoneka yabwino mpaka mutazindikira kuti ina ndi ya zaka 20 inayo ya 15. Kalata iliyonse ipititseni pa sitepe 4 ndi 5 musanasankhe.

Kuiwala zaka zanu zopumira pa ntchito. Wa zaka 45 amene watenga ngongole ya zaka 20 adzapuma isanathe kapena ikungotha kumene. Yang'anani pa shedulo ngongole yotsala m'chaka chimene mudzapume. Pa chitsanzo chathu, wopuma patatha zaka 15 adzakhala ndi K21 miliyoni pamutu.

Kuphonya mwezi n'kumati ndidzabweza kawiri mwezi wamawa. Ndalama yophonyedwa imabala chiwongola dzanja chake, ndipo mapangano ambiri amaikaponso cha chilango. Popeza m'zaka zoyamba ngongole imatsika ndi masauzande ochepa pa mwezi, K605,222 imodzi yosalipidwa ndi yaikulu kuposa zonse zimene mwadula pa ngongole m'zaka zisanu zoyamba. Mukaona kuti mwezi ukubwerawo zivuta, pitani kubanki tsiku lodula lisanafike, chifukwa nyumbayo ndi chikole ndipo ngongole ikaunjikana banki ili ndi mphamvu yoigulitsa.

Kulandira mpumulo wolipira osafunsa mtengo wake. Banki ikakulolani kupuma miyezi itatu, kawirikawiri chiwongola dzanja sichipuma nawo. Pa K30 miliyoni ndi ndalama yoposa K1.8 miliyoni imene ikukwera pamwamba pa ngongole, n'kuyamba kubala nayonso. Pemphani shedulo yatsopano, mubwereze sitepe 4 musanavomere.

Kusaina tsiku lomwelo. Kalata ya banki imakhala ndi masiku oti muiganizire. Mlamu wanga anabwerera nayo Lolemba osasaina, n'kupempha kuti amusindikizire mashedulo atatu, ya zaka 10, ya 12 ndi ya 15. Anakhala nawo pansi ndi mkazi wake usiku wonse, ndipo anasankha ya zaka 12, imene pa 24 peresenti ikufuna pafupifupi K636,800 pa mwezi ndi K91.7 miliyoni yonse.